Meseji yoyamba sanayankhe, yachiwiri analipira: nkhani ya mtsikana wa mavidiyo ndi lesitilanti ya ku Area 25

Ntchito yanga ndi yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono kutsatsa malonda pa Facebook ndi WhatsApp, ndiye achinyamata opanga mavidiyo amandipeza pafupipafupi kuti ndiwaonere mameseji awo asanatumize kwa eni mabizinesi. Nkhani iyi ndi ya mtsikana wina wa zaka 21 wa ku Lilongwe konkuno, mayina sinditchula, wake ngakhale wa lesitilantiyo. Zinachitika kumayambiriro kwa 2024, patangopita miyezi yochepa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nthawi imene aliyense wogulitsa zokazinga amalira ndi mtengo wa mafuta ophikira. Zimenezi muzisunge mmutu chifukwa zibweranso kutsogoloku.

Mtsikanayu amapanga timavidiyo ta zakudya, kulawa tchipisi za pachiwaya, kufananitsa mandasi a malo osiyanasiyana, zoterozo. Pa TikTok anali ndi mafolowa pafupifupi 18,000, pa peji yake ya Facebook cha mma 6,000. Anali asanalipidwepo ndi bizinesi iliyonse. Anandilembera usiku wina kuti, "Anti, ndatumiza meseji ku lesitilanti ina ku Area 25, awerenga, matiki abuluu onse awiri, koma lero ndi tsiku lachisanu sanayankhe. Kodi ndiwakumbutse?" Ndinamuuza kuti asakumbutse kaye, anditumizire sikirinishoti.

Mesejiyo inali mchizungu ndipo inali yaitali moti pafoni umayenera kudina kuti uwerenge yonse. Tanthauzo lake linali loti iye ndi wopanga mavidiyo amene akukula mwachangu, ali ndi omutsatira oposa 24,000 pamasamba onse, vidiyo yake ina inaonedwa ka 200,000, amakonda kwambiri zakudya, akufuna agwire nawo ntchito limodzi kuti dzina la lesitilanti lidziwike, mtengo wake ndi K150,000 koma atha kukambirana. Pansi anamata fayilo ya masamba anayi yokhala ndi zithunzi zake. Anaitumiza Loweruka cha mma 12 koloko masana.

Ndinawerenga ziganizo zake, zinali khumi ndi chimodzi, ndipo zisanu ndi zinayi zimakamba za iyeyo. Dzina la lesitilanti linatchulidwa kamodzi, chakudya chawo sichinatchulidwe olo pena. Meseji yomweyo akanatha kuitumiza ku saluni kapena kwa wogulitsa matayala osasintha kanthu, ndipo eni mabizinesi amazindikira zimenezi msanga chifukwa amalandira ambiri otere. Koma chimene chinandivuta kwambiri sichinali kalembedwe ayi, chinali choti sitinkadziwa kuti wawerenga ndi ndani. Nambala ya WhatsApp ya malo odyera nthawi zambiri imakhala pafoni ya pakauntala, imene akugwira ndi mnyamata wolandira maoda, ndiye Loweruka masana, anthu ali pamzere, iye akuona chimeseji chachitali chopanda oda mkati, amangotuluka nkupita pa china. Ndinamufunsa ngati anadyapo pamalopo. Anati kamodzi, chaka chatha. Ndinamuuza kuti apite Lachiwiri cha mma 3 koloko, nthawi imene anthu amachepa, agule mbale ndi ndalama zake, adye, aonetsetse, asatchule za vidiyo kwa aliyense.

Anabwera ndi zinthu zitatu zimene sakanazidziwa ali kunyumba. Foni imagwiridwa ndi mnyamata wa pakauntala ndithu, ndipo eni ake ndi mayi wina wachikulire amene amafika madzulo kudzawerengera ndalama. Chachiwiri, masana a mkati mwa sabata malowo amakhala phee, matebulo awiri okha ndi amene anali ndi anthu. Chachitatu, pakhoma panali pepala lolembedwa pamanja loti amaperekera chakudya pakabaza mpaka ku Kanengo ndi Area 49, koma pa peji yawo ya Facebook zimenezi panalibe, ndipo pejiyo inali itatha miyezi inayi osapositidwa kanthu. Apa ndi pamene tinapeza chogulitsa. Mayiwo samasowa kutchuka, Loweruka amadzaza okha. Chimene amasowa ndi maoda a nkhomaliro kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo ku Kanengo kuli anthu ambiri ogwira ntchito mmakampani amene amadya masana aliwonse.

Kenako tinakhala pansi ndi manambala ake, ndipo apa panali povuta chifukwa mwana anakhumudwa. Ndinamuuza atsegule mavidiyo khumi omaliza, asiye ija ya 200,000, tiwandandalike kuyambira yochepa mpaka yochuluka nkutenga yapakati. Yapakati inali cha mma 4,000. Ija ya 200,000 inali ya nthabwala, amaseka mnzake wolephera kudya tsabola wa kambuzi, ndipo inali ya miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Titalowa pomwe Facebook imaonetsa mizinda ya omutsatira, Blantyre inali pamwamba, Lilongwe yachiwiri ndi munthu mmodzi pa anayi aliwonse, kenako Johannesburg. Ndiye pa anthu 4,000 oonera vidiyo wamba, tingoyerekeza kuti a ku Lilongwe ndi 1,000, ndipo mwa amenewo wokhala ku Area 23 kapena ku Likuni sangakwere maminibasi awiri kukadya tchipisi ku 25. Abale athu aku Joni amalayika ndi kukomenta kwambiri, amasowa zakwathu, koma mbale sangagule.

Iye anati, "Anti, ndiye ndikawauza zimenezi sandipatsa kanthu." Ndinamuyankha kuti akabisa, mayiwo adzayembekezera anthu 200,000, adzagula nkhuku zambiri, ndipo vidiyo ikadzaonedwa ka 4,000 adzamutcha wakuba, ndipo amayi amabizinesi a dera limodzi amadziwana, ali mmagulu amodzi a banki mkhonde. Nambala yaing'ono yoona imakusiyira mpata woti uipitirire.

Mtengo tinauwerengera kuchokera kumbali ya mayiwo. Mbale ya tchipisi ndi nkhuku inali K4,500. Ndinayerekeza kuti akachotsa mbatata, mafuta, nkhuku, makala ndi antchito, amatsala ndi ndalama yosapitirira K1,200 pa mbale, ndipo pambuyo pake mayiwo anavomera okha kuti sitinaphonye kwambiri. Ndiye K150,000 ndi mbale 125 zatsopano, zoti zibwere chifukwa cha vidiyo imodzi yoonedwa ndi anthu 1,000 a mumzinda. Sizingatheke. K60,000 ndi mbale 50, zovutabe koma munthu atha kuziona mmaso. Kumbali ya mtsikanayu, thiransipoti maulendo atatu, bandulo, ndi kamnyamata komugwirira foni zimadya cha mma K15,000, kusiya K45,000 ya masiku awiri a ntchito. Anavomera monyinyirika.

Meseji yachiwiri tinailemba mChichewa, ndipo isanatumizidwe anabwereranso pamalopo madzulo, kukapereka moni kwa mayiwo pamaso nkupempha nambala yawo. Inali chonchi:

"Mwaswera bwanji amayi, ndine mtsikana uja ndinakupezani dzulo madzulo. Lachiwiri ndinadya tchipisi ndi nkhuku kwanuko ndipo ndinaona pepala loti mumaperekera chakudya ku Kanengo ndi ku 49, koma pa Facebook panu palibe. Ndimapanga mavidiyo a zakudya, ambiri amaonedwa ka 4,000, ndipo mmodzi pa anayi mwa onditsatira ali mu Lilongwe muno. Ndikufuna ndikupangireni vidiyo imodzi ya mphindi imodzi yoonetsa oda kuchoka kukhitchini kwanu mpaka kufika ku Kanengo nthawi ya nkhomaliro. Mtengo ndi K60,000, theka poyamba, theka mukaiona nkuivomera. Sindingalonjeze kuchuluka kwa makasitomala koma tiika njira yowerengera amene abwera chifukwa cha vidiyoyo. Ndingabwere Lachinayi 4 koloko ndikuonetseni ziwiri zimene ndinapanga?"

Fayilo ija ya masamba anayi tinaichotsa, ndipo sitinamate vidiyo iliyonse, chifukwa kutumizira munthu wachikulire chividiyo chodya bandulo yake asanapemphe ndi kumutopetsa. Funso lakumapeto tinalipanga dala kuti liyankhike ndi mawu amodzi. Ena anzanga amati mtengo usatchulidwe mu meseji yoyamba, udikire kaye munthu akopeke. Kwa makampani akuluakulu okhala ndi ofesi yotsatsa malonda mwina ndi zoona, koma mayi wa lesitilanti akaona meseji yopanda mtengo amaganiza ziwiri, kaya ndi zaulere kaya ndi zodula zoti nkuchita nazo manyazi kufunsa, ndipo zonse ziwiri zimathera poipa.

Mayiwo anayankha mmawa mwake ndi voisi noti ya masekondi ochepa, bwera mwanawe tidzaone.

Lachinayi lija ine sindinapite, ndinafuna alankhule yekha. Anandiimbira atatuluka, mawu ali pansi. Mayiwo anakonda mavidiyo, anaseka ndithu, koma anati ndalama palibe, mafuta akwera, ndiye amupatsa chakudya chaulere mwezi wonse, azibwera ndi anzake awiri Loweruka lililonse. Iye anali atatsala pang'ono kuvomera chifukwa amaopa kuti akakana ataya zonse. Mwamwayi anati akaganize kaye. Apa ndi pamene nkhaniyi inakhotera, ndipo achinyamata ambiri amagwera pomwepa. Tinawerengera limodzi, anthu atatu Loweruka kanayi ndi mbale 12, pamtengo wogulitsa ndi K54,000, zooneka ngati zafanana ndi zimene amapempha. Koma bandulo sungagule ndi tchipisi, thiransipoti yopitira kukadya zaulerezo ndi yake, ndipo choipa kwambiri nchoti ntchito yolipidwa ndi chakudya ilibe malire. Mawa adzamuuza kuti tajambulakonso ka keke aka, poti wadya kale. Komanso ndinaona kuti mayiwo samanama za ndalama, vuto lawo linali mantha otulutsa K60,000 pa chinthu chimene sanayesepo. Ndiye mmalo motsitsa mtengo tinachepetsa chiopsezo chawo. Anawalembera kuti K20,000 poyamba ya thiransipoti ndi bandulo, K20,000 akaona vidiyo nkuivomera, K20,000 yomaliza pakatha masabata awiri vidiyoyo ikadali pamasamba ake onse awiri. Chakudya chojambulidwa chikhale cha lesitilanti. Anavomera, ndipo K20,000 yoyamba inalowa pa Airtel Money tsiku lomwelo. Zonse zimene anagwirizana anazilemba mu meseji imodzi, mayiwo nkuyankha kuti "ndavomera", ndipo ndinamuuza asunge sikirinishoti malo awiri.

Kuwerengera makasitomala tinakonza njira ziwiri. Yoyamba, mu vidiyo ananena kuti aliyense wonena kuti "ndaona pa vidiyo" apatsidwa saladi wowonjezera, ndipo mnyamata wa pakauntala azichonga mkabuku. Yachiwiri inali linki ya WhatsApp yobwera ndi mawu olembedwa kale, kuti oda ikalowa izidziwika komwe yachokera:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Ndaona%20pa%20vidiyo
```

Nambala imalembedwa kuyambira 265, popanda ziro wakutsogolo komanso popanda chizindikiro cha +. Linkiyi tinaiika pa positi ya Facebook, pa sitetasi yake ya WhatsApp ndi pa mbiri yake ya TikTok, chifukwa linki yolembedwa pansi pa vidiyo ya TikTok siidinika.

Kujambula kunayenda bwino, anajambula Lachitatu kuyambira 11 koloko, mbatata zikulowa mmafuta, mayi wina akupakira mkabokosi, wakabaza akumangirira, mpaka pageti ya kampani ina ku Kanengo, wotchi ikuoneka pakona. Zinatenga mphindi 35 ndipo tinasiya nambala yomweyo osaichepetsa. Geti ya kampaniyo tinaijambula mosaonetsa dzina, ndipo wolandira chakudya anali msuweni wake amene anavomera kuoneka. Poedita anaika nyimbo ya woimba wina wotchuka imene inali pakamwa pa aliyense nthawi imeneyo. Ndinamuletsa. Kuvina nyimbo ya munthu pa vidiyo yako yosewera ndi nkhani ina, kuigwiritsa ntchito kugulitsira malonda a munthu wina amene wakulipira ndi nkhani inanso, pamafunika chilolezo cha mwini nyimbo, ndipo kuno kwathu za umwini wa nyimbo zimayang'aniridwa ndi COSOMA. Komanso pa TikTok vidiyo yolipiridwa umayenera kuiulula, umayatsa pomwe palembedwa "Disclose commercial content" nkusankha "Branded content", ndiye pa vidiyo pamaoneka mawu oti "Paid partnership". Ukatero nyimbo zimene ukuyenera kugwiritsa ntchito ndi za mgulu lololedwa pa zamalonda basi. Iye amaopa kuti anthu akaona kuti walipidwa sakhulupirira. Pamapeto tinachotseratu nyimbo, tinasiya phokoso la mafuta ndi mawu ake, ndipo poyambira penipeni ananena yekha kuti, awa andilipira kuti ndikuonetseni izi, koma nthawi ndawerenga ndekha. Mmakomenti palibe anadandaula za kulipidwako, ambiri amafunsa ngati amafika ku Area 18.

Pakutha masabata awiri vidiyo inaonedwa ka 6,300 pa TikTok ndi ka 2,100 pa Facebook, kupitirira 4,000 imene anatchula mu meseji, ndiye mayiwo anasangalala ndi nambala imene ikanawakwiyitsa akanauzidwa za 200,000. Mkabuku munali machongi 27. Pa WhatsApp panalowa maoda 9 okhala ndi mawu aja, onse pamodzi mbale 16. Zonse ndi mbale 43, osafika 50 zimene zikanabweza ndalama yawo, ndipo tikachotsa saladi waulere uja ndiye zikuchepanso. Mnyamata wa pakauntala anaulula kuti Loweruka loyamba anasiya kuchonga anthu atachuluka, koma ine sindiwerengera zimene sizinalembedwe, ndipo ndinamuuza mtsikanayu kuti asakawauze mayiwo kuti mwina anali ambiri, akangopereka 43 momwemo. K20,000 yomaliza inachedwa masiku asanu ndi limodzi, anakumbutsa kamodzi mwaulemu potumiza sikirinishoti ya mgwirizano uja pamodzi ndi manambala, ndipo inalowa. Chimene chinapulumutsa nkhani nchoti imodzi mwa maoda 9 aja inali ya ofesi ina ku Kanengo imene inapitiriza kuitanitsa mbale zisanu mpaka zisanu ndi zitatu Lachisanu lililonse. Kabuku ka masabata awiri sikakanaonetsa zimenezo, tinazimva patapita mwezi mayiwo atamuimbira okha.

Vuto lenileni linadza patatha miyezi itatu, ndipo ili ndi langa, chifukwa mgwirizano uja ndinauona ndi maso anga nkuuvomereza. Mu vidiyo mtsikanayu anatchula pakamwa kuti mbale ndi K4,500. Zinthu zitapitiriza kukwera mayiwo anakweza kufika K5,500, zomveka. Koma mdzukulu wawo, amene anali atayamba kuyendetsa peji ya lesitilanti, anadawunilodi vidiyo ija nkuiposita ngati yatsopano, kuibusita polipira ndalama pang'ono kuti ifikire anthu ambiri, nkhope ya mtsikanayu ili pomwepo ikunena mtengo wakale ndi saladi waulere amene anatha kalekale. Anthu anapita, anauzidwa K5,500, saladi palibe, ndipo sanakalipire lesitilanti, anabwera pa peji yake iye kudzamutcha wabodza. Komenti ina inati, mumatinamiza kuti mudye zaulere. Analira, ndipo ndinamvetsa, chifukwa chimene iye amagulitsa ndi choti anthu amamukhulupirira akanena kuti chakudya ichi nchabwino.

Titabwerera ku meseji ya mgwirizano, munalibe mawu alionse onena kuti lesitilanti ingagwiritse ntchito vidiyoyo kapena ayi, kwa nthawi yaitali bwanji, komanso ngati ingaibusite. Tinalemba za ndalama, masiku ndi masamba ake iye basi. Mayiwo sanachite mwachinyengo, kwa iwo analipira vidiyo ndiye ndi yawo, ngati mmene umalipirira telala diresi nkukhala yako. Ndiye kuwaopseza kukanakhala kulakwa kawiri. Tinapita limodzi ulendo uno. Ndinawafotokozera kuti kutsatsa mtengo umene sulinso woona kukuwapweteka iwo omwe, kasitomala wobwera ndi K4,500 mthumba nkubwezedwa sabweranso, komanso kutsatsa kosocheretsa ogula ndi nkhani imene bungwe loteteza ogula la CFTC limalandirira madandaulo. Anaitana mdzukuluyo pomwepo, vidiyo inachotsedwa tikuona. Mtsikanayu pamasamba ake sanaichotse, anangolemba komenti nkuikhomerera pamwamba yonena mwezi umene inajambulidwa ndi mtengo watsopano.

Kuchokera pamenepo meseji iliyonse imene ndikuonera wachinyamata ndimafuna muoneke mzere wonena za kagwiritsidwe ntchito, mwachitsanzo kuti bizinesi itha kuposita vidiyoyo pa peji yake kwa masiku 30, kupitirira apo kapena kuibusita ndi mtengo wina. Ndipo mtengo wa katundu ndi pulomoshoni iliyonse zisatchulidwe pakamwa, zilembedwe mmawu apansi pa vidiyo pamodzi ndi tsiku lothera, chifukwa mawu olembedwa pa Facebook umatha kusintha, ndipo kwina utha kukhomerera komenti, koma zimene wanena ndi pakamwa zimakhala momwemo. Mzere umenewu sindiuika mu meseji yoyamba yokopa ija, ungailemeretse, umalowa mu yachiwiri ya mgwirizano, ndalama isanatumizidwe.

Mayiwo sanagulenso vidiyo ina nthawi yomweyo, anati adikire kaye zinthu zikhazikike. Chimene anachita nkumulipira K25,000 kuti aidulenso yakale ija, achotse pamene akutchula mtengo ndi saladi, kuti aigwiritse ntchito miyezi itatu pa peji yawo, ndipo ulendo uno zinalembedwa. Anamupatsanso nambala ya mnzawo wophika makeke ku Area 49. Meseji yopita kwa mayi wa makekeyo mtsikanayu analemba yekha, ananditumizira itapita kale. Inali ya mizere isanu ndi umodzi, inayamba ndi keke ya chinangwa imene anakagula Lachiwiri, ndipo nambala imene anatchula inali 4,500, yapakati pa mavidiyo ake khumi omaliza a mwezi umenewo.